Ndikhalebe pa Vitz kapena ndiitanitse Leaf? Tithandizane masamu a pa kilomita

Nachisale wa ku 25

Moni nonse. Ndikudziwa kuti muno muli ena amene akuyendera galimoto zamagetsi, ndiye ndithandizeni. Ndimakhala ku Area 25, ntchito ndimagwira ku Old Town. M'mawa ndimayamba ndatula ana kusukulu, madzulo kukawatenga, ndiye patsiku ndimayenda makilomita 40. Kuphatikiza za kutchalitchi, kumsika ndi kukaona abale Loweruka, pamwezi zimakwana 1,000. Galimoto yanga ndi Vitz. Pa mtengo wa mu 2025 wa K3,499 pa lita, ndalama ya petulo inayamba kulimbana ndi ya lendi. Alamu anga akuti ndiigulitse, ndiitanitse Nissan Leaf yakale ku Japan, akuti ndiziyenda ngati mwaulere. Ine za "ngati" sindikuzifuna. Ndikufuna nambala: kilomita imodzi ndi ndalama zingati pa petulo, ndi zingati pa magetsi?

Che Jafali

Achemwali, funso loyamba: Vitz yanuyo imayenda makilomita angati pa lita? Osati zimene analemba ogulitsa, koma zimene mwaona inu.

Nachisale wa ku 25

Ndinayeza mwezi watha. Ndinadzaza thanki mpaka pampu inadula yokha, ndinabweza kawerengero ka ulendo pa ziro, ndinayenda mpaka kutsala pang'ono, n'kukadzazanso pa pampu yomweyo. Panalowa malita 32, kawerengero kanali pa 400. Ndiye ndi 12.5 pa lita.

Bambo a Chikondi

Amayi, mwayamba bwino kwambiri, chifukwa ambiri akafunsidwa funso limeneli amayankha kuti "ya K20,000 imandifikitsa Lachitatu", ndipo pamenepo palibe poyambira. Ine ndimayendera Leaf ya batire la 24 kWh, ntchito yanga ndi ya mawaya a m'nyumba, ndiye ndikuuzani zimene ndimaona pa mita yanga.

Mbali ya petulo mwamaliza kale. Tizungulize mtengo ukhale K3,500. Kugawa ndi 12.5 mupeza K280 pa kilomita. Pa makilomita 1,000 ndi malita 80, omwe ndi K280,000 pamwezi.

Mbali ya magetsi ndi pomwe anthu amadzinamiza. Pa dashibodi ya Leaf pamaoneka nambala ya `km/kWh`, ndipo kWh imodzi ndi yuniti yomweyo timagula ku ESCOM ija. Yanga m'tauni muno imasewera pa 6.5. Koma nambala imeneyo ikuwerenga magetsi otuluka m'batire kupita ku matayala. Inu simulipira amenewo, mumalipira amene adutsa pa mita ya pakhoma. Pakati pa khoma ndi batire pamatayika ena: tchaja cha m'galimoto chimasintha magetsi a m'nyumba kuti alowe m'batire, chimatentha, kapampu kochiziziritsa kamazungulira nthawi yonse yotchaja, makompyuta ake ali maso. Pa soketi wamba, pa mayunitsi 10 aliwonse, imodzi kapena imodzi ndi theka siifika m'batire. Ndiye 6.5 ya pa dashibodi ija, pa mita imakhala 5.5. Nambala yowerengera ndalama ndi 5.5.

Tsopano makilomita 1,000 kugawa ndi 5.5 ndi mayunitsi 182. Ndiika yuniti pa K200 kuti masamu aziyenda, inu muikepo za pa lisiti yanu. Zikukwana K36,400 pamwezi, kutanthauza K36 pa kilomita. Petulo K280, magetsi K36. Kusiyana kwake pamwezi ndi ndalama zoposa K240,000.

Nachisale wa ku 25

Eee, kusiyana kwakeko kukundiopsa. Zikumveka ngati pali china chobisika. Zingatheke bwanji mayunitsi 182 kulowa m'malo mwa malita 80?

Bambo a Chikondi

Zilipo zobisika, tifikako, koma sizili pamenepa. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa mphamvu yofanana ndi mayunitsi pafupifupi 9. Vuto ndi loti injini imagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo anayi, mwinanso osafika m'tauni. Zotsalazo zimathera kutentha: mukakhudza boneti mukafika kunyumba, kapena kuima pafupi ndi ekizozi, ndalama zanu zili pamenepo. Gawo limodzi mwa anayi a 9 ndi mayunitsi awiri ndi pang'ono. Ndipo taonani, 182 kugawa ndi 80 ikutipatsa 2.3. Masamu akugwirizana.

M'tauni ndiye zimanyanya. Mukaima pa mdipiti wa galimoto pa mlatho wa Lilongwe madzulo, Vitz ikumwabe mafuta, kupitirira theka la lita pa ola, isanasunthe ndi phazi limodzi. Leaf ikaima mota yaima. Mukaponda buleki, Vitz imataya liwiro lonse lija ngati kutentha pa mabuleki, pomwe Leaf imabweza gawo lina m'batire. N'chifukwa chake zinthu zimatembenuka: ya petulo imamwa kwambiri m'tauni n'kupuma pa msewu wautali, yamagetsi imasangalala m'tauni n'kuvutika mukaithamangitsa 110.

Nambala ya 2.3 ija isungeni, chifukwa mitengo isinthasintha koma iyo ikhala. Pa Vitz yanu, lita imodzi ikufanana ndi mayunitsi 2.3. Bola mtengo wa mayunitsi 2.3 uli pansi pa mtengo wa lita, magetsi akupambana. Pa K3,500, yuniti iyenera kukwera kudutsa K1,500 kuti zifanane.

Madalitso wa pa Ginnery

Akuluakulu, ine ndili ndi yamagetsi koma zimene mukunenazi sindikuziona. Yanga ndi Note e-Power, imayenda ndi mota yamagetsi, koma ku filing'i siteshoni ndimapitabe sabata iliyonse. Imandipatsa cha m'ma 19 kapena 20 pa lita. Nanga K36 imeneyo ine ndiipeza bwanji? Kapena pali chingwe chimene anthu aku doko anandichotsera?

Che Jafali

Mphwanga, palibe chimene anakuchotsera. Note e-Power ilibe potchajira. Matayala amazunguzidwa ndi mota, inde, koma magetsi ake amachokera ku injini ya petulo yomwe ili momwemo. Iwe uli m'gulu lathu la pa pampu. Tenga K3,500 ugawe ndi 20, uli pa K175.

Ndipo pamenepa ndi pomwe ndikufuna kutsutsana ndi a bambo a Chikondi. Mukuyerekeza Leaf ndi Vitz, zoona Vitz igonja. Koma munthu amene wagulitsa Vitz sali ndi njira imodzi. Ine ndimayendetsa Aqua, ya petulo yothandizidwa ndi mota yamagetsi, ndimanyamula anthu tsiku lonse, ndipo 22 pa lita ndimaipeza osavutika. Ndi K159 pa kilomita. Ndikafuna Salima ndimangonyamuka, ndikafuna Blantyre ndimangonyamuka. Sindifunsa ngati magetsi alipo usiku. Komanso Leaf zakalezi zimabwera batire litatha kale, ndipo batire lotha limadya mayunitsi ambiri, ndiye K36 yanuyo pakatha chaka ikhala K70.

Bambo a Chikondi

Che Jafali, za Aqua mwanena zoona ndipo amayiwa aziganizire. Poyerekeza ndi Aqua, kusiyana kumatsika kuchoka pa K240,000 kufika cha m'ma K120,000 pamwezi. Lita imodzi mu Aqua yanu ikufanana ndi mayunitsi 4, osati 2.3.

Koma za batire lotha mwasakaniza zinthu ziwiri. Batire likakalamba limachepa malo osungira. Lili ngati ndowa imene yasanduka chigubu chaching'ono: madzi omwe mumamwa patsiku ndi omwewo, kungoti mupita ku mjigo kawirikawiri. Galimoto imafunabe magetsi omwewo kuti iyende kilomita imodzi. Kutayika kumakwerako pang'ono, ndipo kubweza magetsi pa buleki kumachepa, koma si zoti mtengo uwirikize kawiri. Chimene chimatsika kwambiri ndi mtunda umene mungayende musanatchajenso.

Ndipo izi n'zoti amayi aone asanalipire. Kumanja kwa dashibodi ya Leaf yakale kuli timizere tating'ono 12, tosiyana ndi tija tosonyeza kuti mwatchaja zochuluka bwanji. Kamzere koyamba kamazima batire likatsika kufika pa 85 peresenti, ndipo kenako kalikonse kamazima pakatha pafupifupi 6 peresenti. Ya timizere 9 ili cha m'ma 70 peresenti. Batire la 24 lili latsopano limakupatsani mayunitsi pafupifupi 21 ogwiritsa ntchito, ndiye pa 70 peresenti mwatsala ndi 15. Kuchulukitsa ndi 6.5 ndi makilomita osafika 100. Kwa munthu wa makilomita 40 patsiku zikukwana, ndi tsiku lachiwiri lomwe movutikira. Ogulitsa akutumizireni chithunzi cha dashibodi galimoto ili yoyatsa. Ikafika, kapena ngati mukugula ya konkuno, pezani munthu wa kachipangizo ka OBD2 kowerenga kompyuta ya galimoto ndi pulogalamu ya pa foni ya LeafSpy, muone nambala ya `SOH`, yosonyeza kuti batire latsala ndi maperesenti angati a malo osungira. Timizere tingathe kufufutidwa n'kuoneka 12 kwa kanthawi, ndiye osadalira ito tokha.

Che Jafali

Chabwino, pa mayunitsi ndamva. Koma batirelo lidzafuna kusintha, ndipo ndalama yake si ya masewera. Bwanji simukuiika m'masamu?

Bambo a Chikondi

Iyenera kulowa, ndipo ndi chobisika chachikulu chija. Batire la Leaf lilibe madzi kapena mpweya woliziziritsa, ndiye kutentha kwa kuno kumalikalambitsa msanga kuposa ku Japan, makamaka likamakhala lodzaza 100 peresenti galimoto ili padzuwa. Njira yake ndi iyi: funsani mtengo wa batire lina lofika nalo pakhomo ndi kuliika, mugawe ndi makilomita amene mukuyembekeza kuyenda lisanakutopetseni. Tiyerekeze makilomita 60,000, zomwe kwa amayiwa ndi zaka zisanu. K1 miliyoni iliyonse ikuwonjezera K17 pa kilomita. Akakuuzani K6 miliyoni, ndiye K100 pa kilomita. K36 ija yasanduka K136. Ikadali theka la Vitz, koma yayandikira Aqua yanu.

Che Jafali

Ndiye mwafika pomwe ndimanena. K136 ndi K159, kusiyana kwake n'kochepa, ndipo ine ndili ndi ufulu wopita kulikonse.

Amisiri a ku Biwi

Pepani ndilowerere. Che Jafali, mukaika batire la Leaf m'masamu, muikenso lanu. Aqua nayo ili ndi batire pansi pa mpando wakumbuyo, laling'ono inde, lotsikirapo mtengo, koma timazisintha kuno. Kafani kake kakatsekeka ndi fumbi limatentha n'kufa msanga, ndipo eni ake amabwera akudandaula kuti galimoto yayamba kumwa ngati Vitz. Muikenso oyilo ndi sefa pa makilomita 5,000 aliwonse, mapulagi, madzi a injini. Leaf ilibe oyilo wa injini, ilibe mapulagi, ilibe lamba. Zimene imafanana ndi zinzake ndi matayala, mashoko, mabushi, ndi kabatire ka 12V kaja, komwe kakafooka galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Kumbali ina, Leaf ndi yolemera, imadutsa matani 1.4, ndiye m'misewu yathu ya maenje zapansi zimatha msangako kuposa za Vitz. Ndipo ikavuta mbali ya magetsi akuluakulu, amene angaitsegule mosamala ndi owerengeka. Ine sinditsegula, ndimatumiza kwa ena.

Nachisale wa ku 25

Zikomo amisiri. Tibwerere pa yuniti. Ndayang'ana uthenga wa mayunitsi amene ndinagula pa 2 mwezi uno, ndikagawa ndalama ndi mayunitsi ikutuluka nambala yotsika kuposa imene ndikupeza pa uthenga wa pa 19. Ndigwiritse iti?

Bambo a Chikondi

Ya pa 19. Mayunitsi oyamba pamwezi amakhala otsika mtengo, ndipo amenewo nyumba yanu imawamaliza kale ndi mababu, filiji ndi ayironi. Galimoto ikubwera pamwamba pa zonsezo, ndiye yuniti yake iliyonse ndi ya mtengo wapamwambawo. Ndipo mwachita bwino kugawa ndalama yonse imene munalipira ndi mayunitsi amene analowa, chifukwa msonkho uli momwemo kale. Mukatenga mtengo wolembedwa pa chikalata cha mitengo mupeza nambala yokoma kuposa imene thumba lanu likumva.

Mukadzakhala nayo galimotoyo, muyeze chonchi. Madzulo mukafika, lembani makilomita a pa dashibodi. Nthawi yogona, zonse zitazimitsidwa kupatula filiji, lembani mayunitsi otsala pa mita, mulumikize galimoto. M'mawa musanayatse ketulo lembaninso. Usiku wina muchite chimodzimodzi osalumikiza galimoto, kuti mudziwe zimene filiji ndi magetsi a panja amadya, muzichotsere. Chofunika n'choti muyambire pa batire lodzaza n'kumalizira pa batire lodzaza, monga munachitira ndi thanki. Muzichita kwa sabata yathunthu, chifukwa tsiku limodzi limanama. Mwezi wa Okutobala, eyakoni ili yoyatsa m'mizere ya galimoto, yanga imatsika kufika cha m'ma 5 pa mita.

Malume a ku Chilinde

Nonse mukuwerenga ngati magetsi amakhalapo. Mwaiwala 2022, Kapichira itawonongeka ndi namondwe Ana? Tinkakhala maola angati mumdima? Munthu udzuke m'mawa ana avala yunifolomu, galimoto ili pa 10 peresenti. Ine ndikanagula yotereyi ndikanangoilumikiza ku jenereta yanga, nkhani yatha. Ndiye muwerengere za jenereta, osati za mita.

Bambo a Chikondi

Malume, tiwerengere, ndipo muona chifukwa chake sindingakulangizeni. Jenereta yaing'ono ya petulo imatulutsa mayunitsi osafika awiri pa lita, tinene 1.7 ikamakoka katundu wabwino. Kuchulukitsa ndi 5.5 ndi makilomita 9 pa lita. Vitz ikupereka 12.5. Ndiye mwagula galimoto yamagetsi kuti muziyenda modula kuposa poyamba, K370 ndi kanthu pa kilomita, phokoso lili apo. Komanso tchaja zambiri zimakana jenereta ngati waya wapansi sanamangidwe bwino, zimangothwanima nyali yofiira. Ndi njira ya tsiku la ngozi basi.

Koma taonani kuti galimotoyo imafuna maola angati. Makilomita 40 ndi mayunitsi 7 ndi pang'ono. Chingwe chokoka 10A pa 230V chimapereka mayunitsi 2.3 pa ola. Ndiye maola atatu ndi mphindi zochepa abweza za tsiku lonse. Sifunika usiku wonse. Chizolowezi chake n'choti mukangofika, magetsi alipo, lumikizani, osadikira kuti litsike. Ngakhale nthawi ya mavuto ija, kwathu magetsi ankabwera pakati pa usiku, ndipo galimoto ikakhala yolumikiza imayamba yokha. Amene angavutike ndi wa batire lotheratu, la timizere 7 kutsika, chifukwa alibe chosungira cha tsiku lachiwiri.

Ndipo tikanena za kuzima kwa magetsi tinenenso za mizere ya mafuta. Amene anagonapo pa filing'i siteshoni, kapena kugula wa m'zigubu pa mtengo wowirikiza, K280 ija sinali K280.

Malume a ku Chilinde

Za mizere sindikana, ndinagonapo. Koma petulo ukampeza umasunga m'thanki sabata yathunthu. Magetsi sungasunge kuposa batire lako. Ine mtima wanga sunakhazikike. Nanga sola?

Madalitso wa pa Ginnery

Sola ndiye yaulere kumene. Mapanelo anayi, basi mwathana ndi onse awiri.

Amisiri a ku Biwi

Mphwanga, dzuwa likamawala galimoto ya amayiwa ili ku Old Town, mapanelo ali ku 25. Mapanelo anayi akuluakulu angathe kupanga mayunitsi 7 aja patsiku lowala bwino, pamenepo sukulakwa. Koma kuti uwasunge mpaka madzulo ufunika batire lina la m'nyumba la kukula komweko, ndi inivetala yopirira kukoka kwa maola atatu osapuma. Ukagawa ndalama ya zonsezo ndi mayunitsi amene zidzatulutse pa moyo wake, yuniti yake si yaulere, ndipo kawirikawiri imaposa ya pa mita. Zimakoma kwa amene galimoto yake imaswera pakhomo, kapena amene kuntchito kwake kuli mapanelo ndipo abwana alola.

Anaphiri ku Leeds

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinene za kuno ku UK, mwina zithandiza pa mfundo imodzi. Ine ndili ndi yamagetsi, koma ndimakhala m'nyumba zosanjikizana, galimoto imagona pamsewu, ndilibe potchajira panga. Ndimadalira matchaja othamanga a m'malo ogulitsira zinthu, ndipo ndimalipira cha m'ma 80p pa yuniti, pomwe 100p ndi £1. Galimoto imandipatsa makilomita 6, ndiye ndi 13p pa kilomita. Ya petulo imene ndinali nayo inkayenda 14 pa lita, petulo ali cha m'ma £1.35, zomwe sizifika 10p. Kunena zoona ndikulipira zambiri kuposa kale. Mnzanga wa kuntchito ali ndi galimoto ngati yangayi, koma ali ndi bwalo pakhomo ndipo amatchaja usiku pa mtengo wosafika 10p pa yuniti. Iye kilomita siimukwanira 2p. Galimoto imodzimodzi, mzinda umodzi. Ndiye achemwali, musanafunse za galimoto, funsani kuti idzagona pati ndipo mita yake ndi ya ndani.

Nachisale wa ku 25

Anaphiri, mwandikhudza penipeni. Nyumba ndi ya lendi. Mita ndi yangayanga, mwamwayi, sitigawana ndi a landilodi. Galimoto imagona mkati mwa mpanda, pafupi ndi zenera la kukhitchini. Ndimaganiza zongodutsitsa ekisitenshoni pazenera kuchokera pa soketi ya filiji.

Bambo a Chikondi

Ayi amayi, chonde, chimenecho chokha musachite. Ndinaitanidwapo kunyumba ina kumene ankachita zomwezo. Nditachotsa pulagi, pulasitiki yozungulira phini la kumanja, lomwe lili ndi fyuzi, inali itasanduka yofiirira ngati shuga wopserera, soketi itachita mng'alu, ndipo m'khitchini munkamveka kafungo ngati ka nsomba. Mwini nyumba ankati ndi za m'filiji. Waya wa ekisitenshoni anali wokulungidwabe pa gudumu lake, wofunda ngati wagona padzuwa. Ketulo imakoka magetsi ambiri koma kwa mphindi zitatu. Galimoto imakoka kwa maola, ndiye paliponse pomwe waya wagwira mofooka pamatentha pang'onopang'ono mpaka pamapsa.

Palinso nkhani ya chingwe chobwera ndi galimoto. Cha ku Japan chinapangidwira 200V ndipo chimakoka 15A. Kuno tili pa 230V, ndipo pulagi yathu ya mano atatu malire ake ndi 13A. Ena amangodula mutu wa ku Japan n'kuikapo wathu. Chimagwira masiku angapo, kenako kabokosi kake kamapsa kapena pulagi imasungunuka. Gulani chingwe cha 230V cha mutu wa Type 1, womwe umalowa pa Leaf, chomwe mungachitsitse kufika pa 10A. Ndipo wa magetsi akukokereni waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabuleka, wa 2.5mm kapena wokulirapo ngati mtunda ndi wautali, buleka yakeyake yoteteza munthu kugwidwa ndi magetsi, ndi soketi ya panja yosalowa madzi. Ayezenso waya wapansi wa nyumbayo. Ndalama imeneyi ndi ya kamodzi, koma iikeni pa mtengo wogulira galimoto, ndipo a landilodi avomereze kaye. Masiku oyamba, pakatha ola mukutchaja, kakhudzeni pulagi ndi kuseri kwa dzanja. Kufunda pang'ono palibe vuto. Ikakhala yoti simungaigwire, zimitsani.

Che Jafali

Ndiye onani mndandanda ukukula: chingwe, waya, buleka, batire la mtsogolo. Ndipo sitinanene za ndalama yowonjezera pogula. Achemwali, mukagulitsa Vitz mudzawonjezera zingati kuti Leaf ifike pakhomo, msonkho ndi zonse? Mugawe ndalama imeneyo ndi K240,000. Mukawonjezera K8 miliyoni, ndi miyezi 33 musanayambe kuona phindu. Ikakhala ya ngongole ya kubanki, chiwongoladzanja chidya gawo lalikulu la zomwe mukupulumutsa. Ndipo tsiku logulitsa, Aqua imapeza wogula sabata yomweyo. Leaf ya timizere 7 mudzaigulitsa kwa ndani?

Bambo a Chikondi

Funso la kugulitsa ndilibe nalo mkangano, msika wake ndi waung'ono. Koma Aqua nayonso amayiwa awonjezera ndalama kuti aipeze, ndipo ikawabwezera K120,000 yokha pamwezi poyerekeza ndi Vitz. Ndiye masamu a miyezi aja achitidwe mbali zonse ziwiri. Ine ndimaona chonchi: amene amayenda makilomita ambiri m'tauni tsiku lililonse, ali ndi mita yake ndi mpanda wake, Leaf imamubwezera msanga. Amene amayenda makilomita 300 okha pamwezi asavutike, zomwe angapulumutse sizifika K75,000, ndipo batire limakalamba ndi zaka ngakhale galimoto itangokhala.

Nachisale wa ku 25

Pali china chimene sindinanene. Kamodzi pamwezi ndimapita kwa amayi ku Dedza. Kuchokera kuno ku 25 ndi makilomita pafupifupi 100, ndipo kumudziko kulibe magetsi.

Amisiri a ku Biwi

Pamenepo ya 24 ya timizere 9 siikufikitsani. Msewu wa ku Dedza ndi wokwera, ndipo pa liwiro la pa M1 simupeza 6.5 ija, mupeza 5 kapena 5.5. Mayunitsi 15 akupatsani makilomita 80. Ngakhale mutafika, mubwerera bwanji?

Bambo a Chikondi

Amisiri akunena zoona. Ya batire la 40 kWh, zomwe zinayamba kutuluka mu 2017, ikhoza kupita n'kubwera ngati batire lili bwino ndipo simukuthamanga, koma mudzafika kunyumba mutatsala pang'ono kwambiri, ndipo mtengo wake wogulira ndi wina. Njira ina ndi kusiya Leaf pakhomo tsiku limenelo. Ulendo wa ku Dedza ndi makilomita 200 mwa 1,000 aja, kapena ndi owonjezera?

Nachisale wa ku 25

Ali momwemo. Ndiye a m'tauni enieni ndi 800.

Bambo a Chikondi

Ndiye tikonze. Makilomita 800 pa Vitz ndi K224,000, pa Leaf ndi mayunitsi 145, cha m'ma K29,000. Mukupulumutsa K195,000, ndipo ulendo wa ku Dedza muziyenda mwa njira ina: basi, kapena kubwereka galimoto ya alamu anu aja n'kuthiramo malita 16, omwe ndi K56,000 yomwe mumalipira kale pa Vitz.

Che Jafali

Kapena Aqua, yomwe ku Dedza ipita ndi malita 9 osabwereka kwa munthu.

Malume a ku Chilinde

Ndipo maliro sapangana tsiku. Uthenga ukabwera 2 koloko usiku, galimoto ya alamu ili kwina, mutani?

Nachisale wa ku 25

Malume, limenelo ndi lomwe likundilemera kuposa masamu onsewa. Ndichita chonchi: ndifunsa mitengo itatu yofika nayo pakhomo, Leaf ya 24, Leaf ya 40 ndi Aqua, ndifunsenso mtengo wa batire ndi wa kukoka waya, ndiyankhule ndi a landilodi. Bambo a Chikondi, pa zithunzi zimene anditumizira pali ina ya 30 kWh ya 2016, timizere 10. Imeneyo ku Dedza ingafike ngati nditapeza potchajira pa boma, kwa msuweni wanga? Ndipo pa 10A ndingadikire maola angati kuti ndibwerere?

Bambo a Chikondi

Ya 30 ya timizere 10 ili ndi mayunitsi cha m'ma 20 ogwiritsa ntchito. Pa 5.5 ndi makilomita 110, ndiye mufika, koma musadutse 80 pa ola ndipo eyakoni muisiye. Kudzaza kuchokera pansi pa 10A ndi maola 10, kutanthauza kugona konko, ndipo soketi ya msuweni wanuyo iyenera kuyang'aniridwa ngati yanu yomwe. Musanalipire kalikonse, auzeni ogulitsawo akutumizireni chithunzi cha LeafSpy choonetsa `SOH` ndi nambala ya galimotoyo pa sikirini imodzi, mutiponyere muno tione.